Kalata kwa owerenga: ndikupuma kulemba kwa miyezi itatu, koma za maliro zipitirira

Abale ndi alongo amene muli kuno ku Joni,

Ndikulemba kukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 Novembala mpaka kumapeto kwa Januwale simulandira makalata a malangizo amene ndakhala ndikukulemberani, chifukwa ndikupita kumudzi kukathandiza mayi anga ntchito ya kumunda ndi kukalongosola nkhani zina za pabanja zimene sizingatheke pa foni. Ndidzayambiranso kulemba mu Febuluwale. M'miyezi imeneyi sindiyankha mafunso a munthu payekha, ndipo wina akakutumizirani uthenga wopempha ndalama m'dzina langa, musamupatse, chifukwa ine sindinasungepo ndalama za gulu ndipo sindiyamba tsopano.

Chimene chipitirire monga mwa masiku onse ndi gulu lathu la maliro. Wapampando ndi msungichuma alipo, msonkhano wa Lamlungu loyamba la mwezi uzichitikabe, ndipo zopereka zizilandiridwa ndi kulembedwa m'buku ngati kale. Ndafuna kuti kalata ino ithere pa nkhani imeneyi chifukwa miyezi imene ndikuchokayi ndi yomwe anthu ambiri amaphonya zopereka. Mu Disembala ndalama zimapita ku tikiti ya basi, feteleza ndi katundu wa Khirisimasi, mu Januwale zimapita ku fizi ya ana, ndipo nthawi yomweyo magalimoto amachuluka pa msewu wa ku Beitbridge, ngozi nazo zimachuluka.

Ndiyambe ndi inu amene kuwonjezera pa gulu muli ndi inshuwalansi ya maliro ku kampani kapena ku banki. Malamulo a dziko lino amalola kampani kuika nthawi yodikira yosapitirira miyezi isanu ndi umodzi pa imfa yobwera ndi matenda, pamene pa imfa ya ngozi palibe kudikira. Amanenanso kuti tsiku lolipira likadutsa, kampani ikupatseni masiku osachepera 15 oti mulipire inshuwalansiyo ikadagwirabe ntchito. Tiyerekeze mbale wathu wina amene amagwira ntchito ya m'dimba ku Randburg, amene analowa inshuwalansi pa 1 Seputembala ndipo banki imamudula R200 pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse. Miyezi yake isanu ndi umodzi idzakwana kumapeto kwa Febuluwale, kutanthauza kuti atamwalira ndi matenda mu Januwale, banja lake silingalandire ndalama ya malirowo ngakhale kuti iye sanaphonyepo mwezi. Tsopano mbale yemweyo walandira malipiro a Disembala, watapa zonse mu akaunti kuti akwere basi, ndipo pa 1 Januwale banki ikupeza mulibe kanthu. Uthenga womuchenjeza ukupita pa nambala yake ya ku Joni, imene ili m'chikwama ku Mangochi chifukwa mu foni waikamo ya Airtel. Pofika pakati pa Januwale masiku 15 aja atha, ndipo ngati Febuluwale nayenso aphonyeka, makampani ambiri amayimitsa inshuwalansiyo. Akachedwa kwambiri kubwerera amalowa ngati munthu watsopano, n'kuyambanso kudikira. Mankhwala a vuto limeneli ndi osavuta: musananyamuke, siyani mu akaunti ndalama ya miyezi yonse imene mukhale kulibe, pamodzi ndi kandalama kena ka zimene banki imadula pa ntchito zake.

Werenganinso chikalata chanu pa mbali yonena za kunyamula thupi. Makampani ambiri akalemba kuti adzanyamula thupi kupita nalo kwawo kwa womwalirayo amatanthauza malo a m'dziko la South Africa lokha, moti ulendo wawo umathera pa malire. Ngati dzina la Malawi kapena mawu onena za mayiko oyandikana nawo sakuoneka m'chikalatacho, funsani ndipo yankho likhale lolembedwa, chifukwa zimene wogulitsa anakuuzani pakamwa sizidzathandiza mkazi wanu pa tsiku la maliro.

Kwa a m'gulu, lamulo lathu silinasinthe. Perekani kwa msungichuma yekha, landirani lisiti, ndipo ngati mukupita kumudzi perekeranitu miyezi imene mukhale kulibe. Ndaona kuti mikangano yowawa kwambiri pa maliro imachokera pa mawu akuti womwalirayo anatumiza ndalama kudzera kwa mnzake, pamene m'buku mulibe kanthu. Ine ndimaona kuti ndi bwino msungichuma azioneka wouma mtima pa msonkhano kusiyana n'kuti gulu lizikangana thupi lili ku mochale.

Tsopano ndifotokoze zoyenera kuchita zovuta zikagwa ine kulibe, popeza kawirikawiri ndine amene ndinkayenda ndi ofedwa m'maofesi. Munthu akamwalirira ku chipatala chifukwa cha matenda, dokotala amalemba fomu yodziwitsa za imfa yotchedwa DHA-1663, imene ena amaitchabe BI-1663. Fomu imeneyi ndiyo imapita ku ofesi ya Home Affairs kuti imfayo ilembedwe m'kaundula, ndipo kumeneko kumatuluka satifiketi ya imfa ndi chilolezo choika maliro. Koma munthu akafa pa ngozi, pophedwa, kapena m'njira yosadziwika, nkhaniyo imapita ku polisi, thupi limapita ku mochale ya boma kuti madokotala akalipime, ndipo palibe angalitulutse kupimako kusanathe. Pamenepa lembani nambala ya mlandu ndi dzina la wapolisi amene akufufuza, chifukwa kampani ya inshuwalansi idzazifuna. Musazengereze kupita kukazindikira thupi poopa kuti mapepala anu si olongosoka. Ngati muli ndi mantha, gulu litumize munthu amene mapepala ake ali bwino kuti aperekeze wachibale, chifukwa thupi limene palibe walizindikira kapena kulitenga kwa nthawi yaitali boma limaliika lokha m'manda a anthu opanda abale, ndipo kulifukula pambuyo pake ndi ntchito yaikulu yofuna zilolezo zina.

Malo amene nkhani zambiri zimakodwa ndi dzina. Dzina lolembedwa pa DHA-1663 liyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi la mu pasipoti ya womwalirayo. Anamwino a kuno salidziwa dzina la Phiri kapena Mbewe monga timalidziwira ife, ndipo munthu wodwala akalitchula pakamwa amatha kulemba Piri kapena Mbeve, tsiku lobadwa n'kulemba longoyerekeza. Choncho wopita ku chipatala atenge pasipotiyo m'manja, ngakhale itakhala yakutha, aiike pambali pa fomuyo, ayerekeze dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti dokotala asanasayine. Kukonza cholakwika pa nthawi imeneyo ndi nkhani ya mphindi zochepa, koma satifiketi ikatuluka ndi dzina lolakwika, ofesi iliyonse ya kutsogolo imabweza mapepalawo, uku ku mochale ya kampani ndalama ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Vuto limakula kwambiri pamene womwalirayo ankagwira ntchito kapena kulandira mankhwala pa dzina la munthu wina. Zikatero nenani zoona kuyambira pachiyambi, chifukwa mukalola kuti imfa ilembedwe pa dzina lobwereka, mwini dzinalo amasanduka wakufa m'mabuku a boma.

Kuti thupi lituluke m'dziko muno pamafunika chilolezo cha Unduna wa Zaumoyo wa South Africa. Pochipempha amafuna satifiketi ya imfa, pasipoti ya womwalirayo, chikalata chosonyeza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala kuti lisawonongeke, kalata ya dokotala yonena ngati panali matenda opatsirana, ndi kalata yochokera ku mbali ya Malawi yovomereza kuti thupilo likalowe. Pa kalata yomalizayi mupite ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi yake ya ku Johannesburg. Kampani yoyendetsa maliro yozolowera ntchitoyi ndiyo imasonkhanitsa mapepala amenewa, ndipo musanaipatse ndalama ifunseni ngati inanyamulapo thupi kupita ku Malawi, ndiponso ngati mtengo umene ikutchula ukuphatikiza bokosi, mankhwala, mapepala ndi ulendo mpaka pakhomo kumudzi, osati pa Mwanza kapena mu Blantyre basi. Ulendo wa pamsewu umadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, kenako n'kulowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo pa chipata chilichonse mapepala amaonedwanso, choncho woperekeza thupi akhale ndi makope angapo a chikalata chilichonse. Kumbukirani kuti pakati pa Disembala ndi sabata yoyamba ya Januwale maofesi amagwira ntchito ndi anthu ochepa, ndiye musauze akumudzi tsiku loika maliro chilolezo chotulutsira thupi chisanafike m'manja, kuopa kuti adzukulu angakumbe manda anthu n'kugona pa siwa sabata yathunthu.

Abale athu achisilamu nthawi zambiri amasankha kuika maliro konkuno chifukwa chipembedzo chimafuna kuti thupi lisachedwe. Gulu limathandiza chimodzimodzi, ndipo satifiketi ya imfa ikufunikabe kuti ana ndi mkazi adzathe kutsata malipiro otsala kwa abwana.

Mawu ochepa kwa inu amene muitanitse achibale kudzacheza pa Khirisimasi kapena kudzaperekeza maliro. Mmalawi amalowa m'dziko muno popanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma chimene chimagwira ntchito ndi tsiku limene lalembedwa pa chidindo cha mu pasipoti, ndiye aliyang'ane asanachoke pa windo. Wopitirira tsikulo ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Woperekeza thupi amene masiku ake anatha adziwiretu kuti potuluka pa Beitbridge chiletsochi chikamupeza, ndipo banja liganize bwino ngati woyenera kupita ndi iyeyo kapena wina.

Ndisananyamuke ndasiya kwa wapampando makope a mafomu ndi mndandanda wa mapepala onse amene ndatchulawa. Pa msonkhano wa Novembala aliyense abweretse kope la tsamba la pasipoti yake lokhala ndi chithunzi, alembe kuseri kwake mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwawo, pamodzi ndi manambala a achibale awiri a ku Malawi, kuti msungichuma asunge m'faelo ya gulu. Mafunso amene si a changu muwasunge mpaka Febuluwale, ndipo kalata yanga yoyamba ndikabwerera idzanena za kutsata malipiro ndi ndalama za penshoni za munthu amene wamwalira ali pa ntchito kuno.

Ndine wanu,
Mlembi wa gulu