Kukonza zimene makina amasulira pa chidziwitso cha chipatala

"Ndili ku Mzuzu, andipatsa chidziwitso cha chipatala chimene makina amasulira m'Chichewa kuti ndikonze. Ndiyambire pati?"

Yambani powerenga Chingerezi chonse musanakhudze Chichewacho. Mukayamba ndi Chichewa, chiganizo chosalala chimakunamizani n'kuiwala kufufuza ngati tanthauzo lake ndi lomwelo.

Kenako yerekezani chiganizo ndi chiganizo. Choopsa kwambiri ndi kukana. Makina amatha kutaya "sa", malangizo oti "musamwe mankhwalawa ngati muli ndi pakati" n'kusanduka "mumwe". Pa nkhani ya mankhwala, zilembo ziwirizi zikhoza kupha munthu. Onaninso manambala onse: mapiritsi 2 katatu pa tsiku asasanduke mapiritsi 3 kawiri, ndipo maina a mankhwala akhale monga alembedwera pa botolo.

Mukatero, onani kugwirizana kwa mawu. Makina amalemba "mankhwala iyi" m'malo mwa "mankhwala awa", kapena kusakaniza "iwe" ndi "inu" m'ndime imodzi. Kwa odwala lembani "inu" paliponse. Poti ku Mzuzu ambiri amalankhula Chitumbuka, sankhani mawu odziwika, osati Chichewa chozama.

Nthawi yoyambiranso ndi iti? Chiganizo chikafuna kuti musinthe mawu opitirira theka, kapena mukachiwerenga kawiri osachimva popanda kuyang'ana Chingerezi, chifufuteni mumasulire nokha. Kuchiika zigamba kumadya nthawi ndipo chimamvekabe ngati Chingerezi. Ndime zitatu zoyambirira zikakhala zotero, auzeni eni ntchito msanga kuti pakufunika kumasulira mwatsopano, mugwirizanenso za mtengo.

Pomaliza, werengani Chichewacho mokweza, Chingerezi chili chotseka.