Si choyera chilichonse pa chithunzi cha khomo la chiberekero chomwe ndi matenda

Anamwino ndi azachipatala omwe amayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero kuno ku Blantyre, kaya ndi ku Ndirande, Limbe, Zingwangwa kapena Bangwe, amalidziwa vuto ili. Mwapaka viniga, mwajambula, ndipo pachithunzipo pali malo oyera awiri kapena atatu. Mukawatenga onse ngati matenda, muwotcha khomo la mayi yemwe alibe vuto. Mukawanyoza onse, mumubweza kunyumba mayi yemwe akadachira tsiku lomwelo. Malangizo awa ndi othandiza kusiyanitsa.

Choyamba, mvetsani chomwe chimayeretsa. Viniga wa kuchipatala ndi asidi wa asetiki wosungunulidwa kufika 3 mpaka 5 peresenti. Ngati mukusungunula nokha kuchokera ku asidi wosasakaniza uja, thirani mamililita 5 m'mamililita 95 a madzi oyera a kuchipatala, ndipo mukonze watsopano tsiku lililonse, chifukwa wogonera m'botolo losatseka bwino amatha mphamvu. Asidiyu amaunditsa kwa kanthawi mapuloteni a mkati mwa maselo. Maselo omwe ayamba kusokonekera chifukwa cha kachilombo ka HPV amakhala othithikana ndipo mapuloteniwa amakhala ochuluka, choncho kuwala sikudutsa kuti kukafike pa mitsempha ya magazi ya pansi pake. Ndiye m'malo mwa pinki, diso limaona choyera. Koma khungu lotupa, lomwe likupola kapena lomwe likusintha mwachibadwa limayeranso pang'ono, ndipo apa ndi pomwe pagona chisokonezo.

Chithunzi chimodzi sichikwanira. Jambulani choyamba mutangopukuta chikazi ndi kathonje konyowetsa ndi madzi a mchere a m'diripu, viniga asanakhudze. Kenako pakani viniga wokwanira mpaka khomo lonse linyowe, dikirani mphindi imodzi yathunthu, ndiye mujambule chachiwiri. Mphindiyo muiwerenge pa wotchi. Pamzere pakakhala amayi makumi atatu, masekondi 20 amamveka ngati mphindi, ndipo chithunzi chojambula mofulumira chotere chimabisa chilonda chomwe chinali chisanaonekere. Mukachedwanso kwambiri, malo ena amayamba kuzilala. Chilichonse chomwe chinali choyera kale pa chithunzi choyamba sichinayere chifukwa cha viniga. Mwina ndi chikazi, mwina mauka, mwina chikanga cholimba cha khungu, ndipo chikanga chotere ngati sichikuchoka popukuta chimafunika kukachidula kanyama koyeza.

Mukatsegula chithunzi chachiwiri, musayambe ndi kufufuza zoyera. Yambani ndi kufufuza malire. Khomo lili ndi khungu la mitundu iwiri: lakunja ndi losalala, lapinki ngati mkati mwa tsaya, pomwe lochokera m'ngalande ya khomo ndi lofiira, lokhala ngati timbewu tating'onoting'ono. Mzere womwe awiriwa akumana ndiwo malire, ndipo pafupifupi zilonda zonse zotsogolera khansa zimayambira m'dera lozungulira mzerewu. Utsateni ndi diso kuzungulira konse ngati mukutsata muvi wa wotchi. Ngati mbali ina yabisika ndi mlomo wa sipekulamu, ndi magazi kapena yalowa m'ngalande, chithunzicho sichingakuuzeni kuti mayiyu ali bwino. Kwa amayi omwe anasiya kusamba malirewa amathawira mkati, n'chifukwa chake kuyeza kwa viniga sikudalirika kwenikweni kwa opitirira zaka 50.

Malo okayikitsa amakhala ogundana ndi malire kapena ndi kamwa la khomo. Kuyera kwake n'kothina ngati laimu wopakidwa kawiri pakhoma, kosaonetsa pinki wa pansi, ndipo sikunyezimira. M'mphepete mwake mumadziwika bwino moti mukhoza kulemba ndi cholembera pomwe payambira ndi pomwe pathera. Nthawi zina mpaka pamaoneka potukuka. Malo otere amayera msanga ndipo amachedwa kuzilala. Koma choyera chonga mkaka wothiridwa madzi, chosadziwika pothera, chonyezimira, kapena kamzere kopyapyala kongotsata malire, kawirikawiri ndi khungu lomwe likusintha mwachibadwa.

Titenge chitsanzo. Mayi wa zaka 36, yemwe ali pa mankhwala otalikitsa moyo, wabwera kudzayezetsa koyamba. Malire akuoneka kuzungulira konse. Tikaliona khomo ngati nkhope ya wotchi, pa chithunzi chachiwiri pali malo oyera atatu: pa 12 koloko, pa 4 koloko, ndi kuyambira 6 mpaka 8 koloko.

La pa 12 koloko ndi loyera mbee, lowala kuposa thonje, lokhala ngati kadontho kotalika. Pa chithunzi choyamba liliponso, koma lasunthira pang'ono kumanzere. Chilonda sichisuntha. Uku ndi kunyezimira kwa tochi kapena fulashi pa khungu lonyowa. Mukakayika, pendeketsani kamera pang'ono kapena sunthani nyali, mujambulenso, ndipo muona kadonthoko katachoka pamalopo. Ichi ndicho chimanamiza ambiri oyamba kumene, makamaka pomwe akuona chithunzi chomwe anajambula wina.

La pa 4 koloko ndi lozungulira ngati chiphuphu, loyera mopita ku chikasu, lili patali ndi malire, ndipo pamwamba pake padutsa kamtsempha ka magazi kowongoka bwino. Nalonso linalipo viniga asanapakidwe. Aka ndi kathuza ka mamina a m'khomo kotsekeka, kopezeka mwa amayi ambiri omwe anaberekapo. Kasiyeni.

Lachitatu lija pa chithunzi choyamba kunalibe, panali pinki wamba. Tsopano layera mothina, lagunda malire kuyambira 6 mpaka 8 koloko, ndipo m'mphepete mwake mwakunja mukuoneka ngati mwadulidwa ndi lumo. Limeneli ndiye lopezeka ndi vuto. Chotsatira ndi kuona ngati lingawotchedwe pompo. Onani kumtunda kwake: kodi mukuona pomwe lathera, kapena lalowa m'ngalande? Pa chithunzi chokha izi zimavuta, choncho bwererani kwa mayiyo, mukankhe mlomo wapansi wa khomo ndi kathonje kuti muone mkati. Ngati lathera poonekera, silinakute kupitirira magawo atatu mwa anayi a khomo, ndipo palibe chokayikitsa kuti ndi khansa, likhoza kuwotchedwa ndi makina otentha madigiri 100 kwa masekondi 20 mpaka 30 pamalo aliwonse pomwe mwagunditsa. Ngati lalowa m'ngalande kapena lakula kuposa pamenepo, mayiyu atumizidwe komwe amadula ndi kawaya ka magetsi. Kwa amayi omwe ali ndi HIV zilonda zimakonda kukhala zazikulu ndiponso zingapo, ndiye musakhutire mukapeza chimodzi, malizani kuzungulira wotchi yonse.

Pali zithunzi zina zomwe sizifuna kuwerengera makoloko. Chotupa chonga kolifulawa, chilonda chokumbika, khungu lothetheka lotuluka magazi mukangoligunda ndi thonje, kapena mitsempha yokhotakhota yosiyana kukula pamalo oyera, zonsezi ndi zokayikitsa kuti ndi khansa. Musawotche. Mutumizeni mayiyo ku chipatala chachikulu cha Gulupu kuti akamudule kanyama koyeza, ndipo dziwani kuti khansa yomwe yakula nthawi zina siyera n'komwe, imangooneka yofiira.

Mukamatumiza chithunzi kwa mnzanu wodziwa kuti akuthandizeni maganizo, tumizani zonse ziwiri, mulembe zaka za mayiyo, ngati ali ndi HIV, ndi nthawi yomwe inadutsa chipakireni viniga. Dzina lake lisalembedwe pachithunzipo, ikani nambala ya m'kaundula. Chithunzi chosaoneka bwino musachitumize poganiza kuti mnzanuyo aona zomwe inu simukuona. Pakaninso viniga, dikirani mphindi ija, mujambulenso mayiyo asanatsike pabedi.