Kakonzedwe ka tinsomba touma kuti tifewe pokazinga

Tinsomba touma timalimba chifukwa dzuwa linachotsa madzi m'mnofu mwake, choncho mukatiponya m'mafuta otentha osatinyika kaye, timauma kwambiri mpaka kumabaya m'kamwa. Yambani ndi kuchotsa mitu ndi matumbo ngati tinsombato ndi tokulirapo, popeza kuwawa kumachokera m'mimbamo, kenako titsukeni kawiri kuti mchenga utsalire pansi pa mbale.

Pa kapu imodzi ya nsomba, thirani makapu atatu a madzi ofunda, osati owira, ndipo dikirani mphindi 15. Madzi owira amalimbitsa kunja kwa mnofu mkati musananyowe, ndipo kunyika nthawi yaitali kumachititsa kuti tinsombato tiphwanyike m'chiwaya. Mudzadziwa kuti tanyowa mokwanira kansomba kamodzi kakamapindika pakati pa zala osathyoka. Ngati nsombazo zinaumitsidwa ndi mchere, tayani madzi oyambawo, muthire ena kwa mphindi 10, kenako mulawe kachidutswa. Ine ndimaona kuti kulawa n'kodalirika kuposa kuyang'ana wotchi.

Mukatsanula madzi, yanikani tinsombato pa nsalu yoyera kuti mafuta asathethekere. Kazingani pa moto wapakati kwa mphindi zitatu kapena zinayi, mukutembenuza pang'onopang'ono, mpaka tiyambe kufiira pang'ono m'mphepete. Pamenepo ikani anyezi ndi tomato, thirani madzi masipuni anayi ndi kuvundikira kwa mphindi zisanu, chifukwa nthunziyo ndi imene imamaliza kufewetsa. Mchere muthire pomaliza, mutalawa msuzi.