Keke ya nthochi ya anthu 8 kuti ikwanire anthu 20

Mlamu wanga ananditumizira chithunzi cha tsamba la m'buku la zophikaphika la ku Amerika. Keke yake inali ya anthu 8, koma ife ku chinkhoswe timayembekezera anthu 20, ndipo miyeso yonse inali ya makapu.

Ndinagawa 20 ndi 8, ndinapeza 2.5. Koma ndisanachulukitse chilichonse ndinasintha kaye makapu kukhala magalamu, poti makapu a tiyi a kunyumba kwathu ndi osiyanasiyana kukula. Kapu ya ku Amerika imalowa pafupifupi mamililita 240, koma kulemera kumatengera chimene mwathiramo: fulawa amakhala magalamu 125, shuga 200. Ndiye makapu awiri a fulawa ndi magalamu 250, kuchulukitsa ndi 2.5 kukhala 625. Kapu imodzi ya shuga inafika pa 500. Mazira atatu anakhala asanu ndi awiri ndi theka, ndiye lomaliza ndinalipukusa m'mbale n'kuthira theka.

Pa soda mpamene panavuta. Chithunzi chinali chosaoneka bwino, osadziwika ngati alemba tsp kapena tbsp. Yoyambayo ndi kasupuni ka mamililita 5, inayo ndi supuni ya 15. Pa makapu awiri a fulawa, kasupuni kamodzi n'kokwanira. Ya 15 ikanapangitsa keke kumveka ngati sopo. Ndinathira tisupuni tiwiri ndi theka.

Moto sitichulukitsa ayi. Madigiri 350 a Farenihaiti a m'bukumo ndi pafupifupi 180 a Selisiyasi pa uvuni zathu. Phalalo ndinaligawa m'mathini atatu kuti m'kati musatsale mwauwisi, n'kumabaya ndi mpeni mpaka utatuluka wouma.