Momwe mungawerengere anthu oti muwafunse pa kafukufuku ndi kufotokoza chifukwa chake mu lipoti

Tiyerekeze kuti koleji ina ili ndi ophunzira 1,200 m'kaundula, ndipo mukufuna kudziwa kuti mwa iwowa ndi angati omwe akukhutira ndi laibulale. Kufunsa onse sikungatheke, choncho mufunsa ena okha, omwe ofufuza amawatcha sampulo. Funso ndi lakuti akhale angati. Ambiri amangoti atenga 10 peresenti, koma nambala imeneyi ilibe maziko, ndipo woyang'anira kafukufuku akafunsa komwe yachokera, yankho limasowa.

Musanagwire kakyuleta, tsimikizani chiwerengero cha anthu onse, chomwe m'fomula ndi N. Pezani mndandanda weniweni, lembani tsiku lomwe mwautenga, ndipo chotsani mayina obwerezedwa ndi a omwe anasiya sukulu. Mu chitsanzo chathu, N ndi 1,200.

Kenaka pali zinthu zitatu zomwe muyenera kusankha nokha, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa.

Choyamba ndi mpata wa kuphonya, e. Popeza simufunsa aliyense, yankho lanu silingafanane ndendende ndi zomwe onse 1,200 akananena. Mukasankha e kukhala 0.05, ndiye kuti mukapeza okhutira 60 peresenti, zoona zake zikuyembekezeka kukhala pakati pa 55 ndi 65 peresenti. Dzifunseni ngati mpata wotere ukukwanira pa chiganizo chomwe akuluakulu a koleji adzapange.

Chachiwiri ndi mlingo wa chikhulupiriro. Ofufuza ambiri amatenga 95 peresenti, ndipo nambala yake m'fomula, Z, ndi 1.96. Tanthauzo lake ndi ili: mutabwereza kafukufukuyu maulendo 100, ulendo uliwonse ndi sampulo yatsopano, pafupifupi maulendo 95 mpata womwe mwapeza ungakhale ndi yankho loona mkati mwake.

Chachitatu ndi p, gawo la anthu omwe mukuganiza kuti ayankha kuti inde. Ngati palibe kafukufuku wakale wokuunikirani, ikani 0.5. Chifukwa chake n'chakuti p kuchulukitsa ndi 1 − p kumakula kwambiri pa 0.5, pomwe kumapereka 0.25, pamene 0.3 amapereka 0.21 basi. Mukatenga 0.5 ndiye kuti mwakonzekera sampulo yaikulu koposa, moti sidzaperewera zotsatira zikatuluka mwina.

Tsopano werengerani pogwiritsa ntchito fomula ya Cochran:

```
n0 = Z² × p × (1 − p) / e²
n0 = 3.8416 × 0.25 / 0.0025 = 384.16
```

Nambala iyi ndi ya gulu lalikulu kwambiri, losawerengeka. Inu gulu lanu mukulidziwa kukula kwake, ndipo munthu aliyense amene mwamufunsa akuchepetsa otsala osadziwika, choncho mukhoza kuitsitsa motere:

```
n = n0 / (1 + (n0 − 1) / N)
n = 384.16 / (1 + 383.16 / 1200) = 291.2
```

Munthu sadulidwa pakati, ndiye kwezani nthawi zonse: 292. Taonani kuti ophunzira akanakhala 100,000, yankho likanakhala 383. Gulu lakula kuposa maulendo 80, koma sampulo yangowonjezeka ndi anthu 91. Apa ndi pomwe lamulo la 10 peresenti limagwera: pa koleji yathu likanapereka anthu 120, ochepa zedi, pamene pa gulu lalikululo likanapereka 10,000, kuwononga ndalama chabe.

Chomwe chimakweza sampulo mofulumira ndi e. Mukati mpata ukhale 0.03 m'malo mwa 0.05, koleji yomweyi ifuna anthu 566.

Mwina woyang'anira wanu anazolowera fomula ya Yamane ya mu 1967, n = N / (1 + N × e²), yomwe pano ikupereka 300, kapena tebulo la Krejcie ndi Morgan la mu 1970, lomwe pa 1,200 limapereka 291. Kusiyana kwake n'kochepa chifukwa zonsezi zinamangidwa pa 95 peresenti ndi p wa 0.5, kungoti Yamane amatenga Z ngati 2. Ine ndimakonda ya Cochran chifukwa chilichonse chomwe mwasankha chimaonekera poyera. Ya Yamane imabisa zisankhozo, ndipo ambiri amailemba osadziwa zomwe avomereza.

Anthu 292 amenewa ndi oyankha, osati oitanidwa. Ena adzakana, ena sadzapezeka. Ngati mukuyembekezera kuti 80 peresenti ndiwo adzayankhe, gawani 292 ndi 0.8, mupeza 365. Ambiri amalakwitsa powonjezera 20 peresenti pa 292 n'kupeza 351. Yesani muone: 80 peresenti ya 351 ndi 281, mwaperewera ndi anthu 11. Komabe dziwani kuti kuchulukitsa oitanidwa kumangokonza nambala. Ngati okana kuyankha ali omwe anagwa nayo ulesi laibulale, zotsatira zidzapendekera mbali imodzi ngakhale mutafunsa anthu ochuluka bwanji.

Masamu onsewa amagwira ntchito pokhapokha wophunzira aliyense ali ndi mwayi wofanana wosankhidwa, ngati pochita maere. Njira yosavuta ndi kuika mayina onse 1,200 mu Excel, kulemba `=RAND()` pambali pa dzina lililonse, kusanja mayinawo potsatira manambala otulukawo, n'kutenga 365 oyambirira. Mukangoima pakhomo la laibulale n'kumafunsa odutsa, fomula ija ilibenso ntchito, ndipo musalembe kuti mpata wanu ndi 5 peresenti. Mukasankha makalasi athunthu m'malo mwa munthu payekhapayekha, sampulo iyeneranso kukula, chifukwa a kalasi imodzi amayankha mofananafanana.

Palinso msampha wa magulu aang'ono. Mpata wa 5 peresenti ndi wa koleji yonse. Ngati mwa ophunzira 1,200 muli 120 a maphunziro a madzulo, musampulo adzakhalamo pafupifupi 29, ndipo mpata wa iwo okha udzafika pafupifupi 16 peresenti. Ngati mukufuna kunenapo za gululi palokha, liwerengereni sampulo yake musanayambe kufunsa.

Polemba mu lipoti, cholinga n'chakuti wowerenga athe kubwereza masamu anu n'kupeza nambala yomweyo. Ndime imodzi ikwanira:

"Kafukufukuyu anakhudza ophunzira 1,200 omwe anali m'kaundula wa koleji kumayambiriro kwa teremu yoyamba. Sampulo inawerengeredwa ndi fomula ya Cochran, pa mlingo wa chikhulupiriro wa 95 peresenti ndi mpata wa kuphonya wa 5 peresenti. Popeza panalibe kafukufuku wakale pa nkhaniyi, p anaikidwa pa 0.5. Izi zinapereka 384.16, yomwe itakonzedwa malinga ndi kukula kwa gulu inatsika kufika pa 292. Poyembekezera kuti 80 peresenti ndiwo adzayankhe, monga zinachitikira poyeserera mafunso, tinaitana ophunzira 365, osankhidwa mwa maere kuchokera m'kaundula."

Onani kuti nambala iliyonse yabwera ndi chifukwa chake, kuphatikizapo 80 peresenti ija, yomwe ambiri amangoiponya osanena komwe aitenga. M'lipoti lanu ikani tsiku lenileni la kaundula.

Mukamaliza kufunsa, bwererani ku ndimeyi mukawonjezere omwe anayankhadi. Ngati anayankha 220 okha, lembani 220, ndipo nenani kuti mpata wa kuphonya wakula kufika pafupifupi 6 peresenti.