Momwe mungazindikirire mafuta a siteroidi amphamvu musanadzole pakhungu

Mlamu wanga anatuluka chipere chimodzi pakhosi, chachikulu ngati ndalama yachitsulo. Tsiku la msika anagula kabotolo ka mafuta oyera, kopanda dzina, kopanda pepala lililonse. Wogulitsa anangoti ndi osakaniza, amachiza zipere, ziphuphu komanso amawalitsa nkhope. Patatha masiku atatu kuyabwa kunatha. Atasiya kudzola, chipere chinabweranso chitakula, ndiye anayambiranso, mpaka anafika podzola nkhope yonse. Pa miyezi inayi masaya anali atapyapyala, timitsempha tikuoneka, ndipo akangopsa ndi dzuwa ankamva ngati wathiridwa tsabola. Nkhaniyi ndi imene yandichititsa kulemba izi, chifukwa timabotolo totere tili m'nyumba zambiri kuno ku Ntcheu.

Choyamba: musamanamizike ndi kuchira kwa msanga

Siteroidi ndi mankhwala enieni, ndipo kuchipatala amawapereka pa matenda ena a khungu. Ntchito yake ndi kuziziritsa kutupa, kufiira ndi kuyabwa. Sapha tizilombo. Chipere chimayamba ndi bowa wosaoneka ndi maso, ndipo mukapakapo siteroidi mumafooketsa chitetezo cha khungu pamalopo, bowa uja n'kumafalikira mwakachetechete. Mkombero wa chipere umazimiririka, moti ngakhale a dokotala amavutika kuchizindikira. Mphere nazonso zimatero: kuyabwa kumachepa koma nthata zili momwemo.

Choncho mafuta osadziwika akathetsa kuyabwa m'masiku awiri kapena atatu, vuto n'kubwereranso mukangosiya, kayikirani kuti muli siteroidi. Kununkhira kapena mtundu wa mafutawo sizingakuuzeni kanthu.

Chachiwiri: funsani chubu chake

Mafuta a m'kabotolo amachokera penapake. Kawirikawiri amakhala ofinyidwa m'machubu n'kusakanizidwa ndi mafuta odzola wamba. Funsani mwaulemu kuti, "Amayi, tandionetseni chubu chomwe mwachotsamo mafutawa." Akakana, kapena akati ndi chinsinsi cha bizinesi, bwezani ndalama m'thumba. Popanda chubu simudziwa dzina la mankhwala, mphamvu yake, ngakhale tsiku lothera ntchito.

Chachitatu: werengani tizilembo tating'ono

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Dzina lalikulu lokongola pakatoni ndi la malonda chabe, ndipo limasinthasintha. Tembenuzani chubu, muyang'ane pomwe alemba kuti Composition, Contains kapena Active ingredient. Simufunika kudziwa Chingerezi chambiri. Ingoyang'anani mathero a mawu. Mayina ambiri a siteroidi amathera ndi -sone, -sol, -olone kapena -onide.

Hydrocortisone ndi wofatsa kuposa onse, ndipo nthawi zambiri amalembedwa 1%. Betamethasone, mometasone ndi fluocinonide ndi amphamvu. Clobetasol propionate ali m'gulu lapamwamba kwambiri, ndipo ndi amene mlamu wanga anawerenga pachubu atabwerera kwa wogulitsa uja n'kumuumiriza kuti amuonetse.

Pali misampha iwiri imene imakola anthu. Woyamba ndi wa manambala. Munthu akaona 0.05% pa clobetasol ndi 1% pa hydrocortisone amaganiza kuti wa nambala yaing'onoyo ndi wofooka. Ayi ndithu. Amaika pang'ono chifukwa mankhwalawo ndi aukali, ndipo clobetasol amaposa hydrocortisone maulendo mazana angapo. Nambala imathandiza pokhapokha mukuyerekeza machubu awiri a mankhwala amodzi.

Msampha wachiwiri ndi mayina ofanana. Clotrimazole ndi clobetasol onse amayamba ndi clo-, koma ntchito zawo n'zosiyana kutalitali. Mayina ambiri othera ndi -azole, monga clotrimazole, miconazole ndi ketoconazole, ndi opha bowa, ndiye oyenera pa chipere. Koma musalekere pa dzina loyamba. Machubu ambiri amakhala ndi mankhwala atatu pamodzi, mwachitsanzo clotrimazole, gentamicin ndi betamethasone. Dzina lachitatulo ndi siteroidi, ndipo likakhalapo chubu chonsecho muchione ngati cha siteroidi. Ine machubu osakaniza chonchi ndimadana nawo kuposa ena onse, chifukwa munthu amagula ali ndi mtima woti wapeza mankhwala a chipere.

Chachinayi: yezani muyezo ndi masiku

Ngati a chipatala akupatsani siteroidi, muyezo wake ndi chala. Finyani mafuta kuchokera kunsonga ya chala cha mkombaphala mpaka pamzere woyamba. Amenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Chubu cha magalamu 15 chili ndi miyezo yotere 30. Chikatha m'masiku ochepa pamene chilonda chili chaching'ono, mukupaka mopyola.

Clobetasol sayenera kupitirira magalamu 50 pa sabata kwa munthu wamkulu, ndipo amapakidwa kwa masabata awiri, osapyola anayi popanda kuonananso ndi dokotala. Tsono taganizirani wodzola thupi lonse kuti ayere. Kudzola thupi lonse kamodzi kumatha magalamu 20 kapena kuposerapo, ndiye kuti m'masiku atatu wadutsa kale muyezo wa sabata yathunthu. M'kabotolo kosakaniza simungawerengere n'komwe, poti simudziwa kuti anafinyiramo machubu angati.

Malo ena khungu n'lopyapyala kale ndipo limamwa mankhwala ambiri: kumaso, m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumaliseche. Pafupi ndi maso siteroidi angathe kuyambitsa ng'ala. Kwa khanda musayerekeze dala, makamaka pomwe pamakhala thewera, chifukwa thewera limatsekera mankhwalawo n'kuwalowetsa kwambiri m'thupi. Ndipo khungu likauma ndi kuthetheka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, monga limachitira ku Lizulu ndi ku Tsangano, limafuna mafuta odzola wamba basi.

Chachisanu: ngati mwadzola kale nthawi yaitali

Dziyang'aneni pagalasi masana. Zizindikiro ndi khungu lonyezimira lopyapyala, timitsempha toonekera, mizere yofiirira yonga ya amayi oyembekezera m'khwapa kapena m'ntchafu, ziphuphu zambiri zofanana kukula, tsitsi lomera kumaso, ndi mabala ochedwa kupola. Mizere ija ikabwera siichoka. Nkhope ikayamba kufufuma n'kukhala yozungulira, mimba kukula, kapena shuga ndi kuthamanga kwa magazi kukwera, ndiye kuti mankhwala alowa m'magazi.

Mukakhala kuti mwadzola masiku ochepa chabe, siyani lero. Koma ngati papita miyezi, makamaka pa malo aakulu a thupi, musasiye mwadzidzidzi panokha. Khungu limatha kuyaka, kutupa ndi kusupuka, ndipo thupi lomwe linazolowera kulandira siteroidi kuchokera kunja limatha kufooka koopsa. Pitani kuchipatala cha boma kapena chaching'ono chakwanu, mutenge kabotolo ndi chubu chomwe, ndipo munene zoona za miyezi yomwe mwadzola, ngakhale cholinga chinali kuyeretsa khungu. Adzakuuzani momwe mungachepetsere pang'onopang'ono. Za ogulitsa mankhwala opanda dzina mungathe kuuza a chipatala kapena bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira za mankhwala m'dziko muno.

Mlamu wanga anamupatsa mankhwala akumwa opha bowa, chifukwa chipere chinali chitafalikira moti opaka okha sakanakwanira. Masabata oyamba nkhope inada ndi kuyabwa kuposa kale, ndipo kawiri konse anafuna kubwerera ku kabotolo kaja. Chipere chinatha, koma timitsempha ta m'masaya tikuonekabe mpaka pano.