Zokongoletsera za Chikondwerero: Liti Kugula, Kupanga ndi Kupachika

"Kwatsala masabata 6 kuti chikondwerero chifike. Ndiyambire pati kuti zokongoletsera zisandipanikize?"

Werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsikulo.

Sabata yoyamba musagule kanthu. Tsitsani zokongoletsera zakale, yatsani magetsi onse muone akufa, ndipo yezani makoma ndi chingwe. Ambiri amagula kawiri chifukwa cholumpha apa.

Kutatsala masabata 5, gulani zosawonongeka: nsalu, mapepala, guluu, ulusi. Onjezerani pang'ono, chifukwa mukabwereranso mtundu womwewo mwina simuupeza.

Masabata 4 mpaka 2 ndi opanga, ndipo apa m'pamene nthawi imathera. Pangani chimodzi mukuyang'ana wotchi. Ngati duwa lapepala latenga mphindi 10 ndipo mukufuna 60, amenewo ndi maola 10. Pa masiku 14, n'kosakwana ola patsiku. Zopaka penti yambani nazo. Mukaziunjika zisanaume zimamatirirana.

Sabata yomaliza pachikani za m'nyumba, kuyambira kudenga kutsika pansi. Zapepala zapanja zidikire, dzuwa limazisuwitsa ndipo mvula imaziwononga.

Maluwa enieni gulani kutatsala tsiku limodzi. Mabaluni muwapope m'mawa wa tsikulo, amaphwa msanga.